Khodi ikuoneka m'tebulo, koma VLOOKUP ikuti mulibe

Kumapeto kwa mwezi wina, kalaliki wa pa sitolo ina ya zipangizo za ulimi anandiitana kuti ndikaone fayilo yake ya Excel. Inali ndi mashiti awiri. Yoyamba inali ya katundu amene wagulitsidwa, mizere 640. Yachiwiri, yotchedwa Mitengo, inali ndi khodi ya katundu mu kolamu A, dzina mu B ndi mtengo mu C. Ankakoka mitengo ndi fomula iyi:

```
=VLOOKUP(A2,Mitengo!A:C,3,FALSE)
```

Mizere yambiri inabweretsa mitengo bwinobwino, koma 58 inangolemba #N/A. "Bambo, taonani nokha," anatero akuloza pa sikilini. "FT-2305 iyi ili apa, ndipo ku Mitengo ili pa mzere 15. Ndikafufuza ndi Ctrl+F ikupezeka. Nanga ikukana chiyani?"

Ctrl+F ndi imene imasocheretsa anthu ambiri pamenepa. Mukapanda kusintha kalikonse, imangoona ngati zimene mwalembazo zili penapake m'kati mwa selo, olo mutakhala zina zoonjezera. VLOOKUP yokhala ndi FALSE kumapeto imafuna kuti selo yonse ifanane ndi inzake, kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizisiyanitsa, koma sipesi imodzi yotsalira kumapeto ndi yokwanira kuti inene kuti mulibe. Kwa kompyuta sipesi ndi chilembo ngati F kapena 5, kungoti sichioneka ndi maso.

Choncho sindinayambe ndi kukonza. Ndinayamba ndi kuwerenga. M'maselo atatu opanda kanthu ndinalemba:

```
=A2=Mitengo!A15
=LEN(A2)
=LEN(Mitengo!A15)
```

Yoyamba inayankha FALSE, kusonyeza kuti maselo awiriwa ndi osiyana ngakhale akuoneka ofanana. LEN imawerenga zilembo zonse za m'selo, zooneka ndi zosaoneka zomwe. FT-2305 ili ndi zilembo 7 mukawerengera ndi kamzere kapakati. Ya ku shiti ya malonda inapereka 7, ya ku Mitengo inapereka 8. Apa tinadziwa zinthu ziwiri nthawi imodzi: pali chilembo chimodzi chobisala, ndipo chili ku tebulo la mitengo.

Chachiwirichi n'chofunika kwambiri. Mayiyu anali atayesa kale kulemba TRIM(A2) m'kati mwa VLOOKUP, monga momwe ambiri amalangizirana, koma palibe chinasintha. Ankachapa mbale yoyera kale, yakuda ili apo. TRIM ya m'kati mwa fomula imangotsuka mawu amene mukufufuza. Tebulo limene mukufufuzamolo imalisiya momwe lilili.

Ndiye tinayesa TRIM ku mbali yoyenera, =LEN(TRIM(Mitengo!A15)), koma yankho linali 8 yomweyo. Apa ndi pamene anthu amayamba kunena kuti Excel yapenga. Sinapenge. Chilembo chilichonse chili ndi nambala yake, ndipo sipesi imene timalemba ndi batani lalitali la pa kiyibodi nambala yake ndi 32. TRIM imadziwa imeneyo yokha. Imachotsa ma 32 onse a kumayambiriro ndi kumapeto, ndipo pakati pa mawu ikapeza awiri kapena atatu ondondozana imasiyapo mmodzi. China chilichonse chooneka ngati mpata koma nambala yake si 32 imangochidutsa.

Njira yake ndi kuchifunsa chilembocho nambala yake:

```
=UNICODE(RIGHT(Mitengo!A15,1))
```

RIGHT ikutenga chilembo chomaliza, UNICODE ikunena nambala. Chikanakhala kuti chomaliza ndi 5, tikanaona 53. Tinaona 160. Imeneyi ndi sipesi ya mtundu wina, imene pa masamba a pa intaneti amailemba ` `. Ntchito yake ndi kuletsa mawu awiri kulekana mzere ukafika kumapeto, komanso olemba masamba amaigwiritsa ntchito pongotalikitsa zinthu m'matebulo. Nditafunsa kumene mitengo inachokera, anati anaikopa pa tsamba la kampani imene imawapatsa katundu n'kuimata mu Excel. Nkhani inathera pomwepo. Zinthu zokopa pa intaneti, mu imelo, kapena malipoti otuluka m'masisitimu ena, 160 amabwera nazo kawirikawiri.

Poti TRIM saidziwa 160, timayamba taisandutsa sipesi wamba kuti TRIM ithe kuichotsa. Mu kolamu D ya Mitengo tinalemba:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(160)," "))
```

Mudzaona ambiri akulemba CHAR(160), ndipo pa Windows imagwira ntchito. Ine ndimakonda UNICHAR chifukwa CHAR imadalira mtundu wa kompyuta, moti pa Mac nambala yomweyo ikhoza kupereka chilembo china, pamene UNICHAR imapereka chimodzimodzi kulikonse. Ilipo kuyambira Excel 2013. Onaninso kuti pakati pa zizindikiro zomalizazo pali sipesi. Tikanalemba "" yopanda kanthu, dzina la katundu lokhala ndi 160 pakati likanamatana kukhala liwu limodzi. Ngati Excel yanu imakana chizindikiro cha `,` m'fomula, ikani `;` m'malo mwake.

Titakokera fomula pansi, tinakopa kolamu D yonse n'kuimata pa kolamu A kudzera pa Paste Special, kusankha Values, kenako D tinaifufuta. Musanachite zimenezi sungani kope la fayilo, chifukwa zakale zimafafanizika. Ma #N/A anatsika kuchoka pa 58 kufika pa 9.

Pa 9 otsalawo, 7 anali ndi nambala 10 kumapeto kwa khodi. Imeneyo ndi chilembo chodula mzere, chimene chimalowa munthu akadina Alt+Enter m'kati mwa selo. Makhodi amenewa anachita kuwaonjezera pamanja mnyamata wa kusitoko. Selo ikakhala kuti Wrap Text ndi yozimitsa, palibe chimaoneka. Mukaiyatsa, mzere umatutumuka ngati muli mizere iwiri, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chabwino chozindikirira. Apa ndi pantchito ya CLEAN, imene imachotsa zilembo za nambala 0 mpaka 31. M'gulu limeneli muli 9 wa batani la Tab, 10 uja, ndi 13 amene amakonda kubwera limodzi ndi 10 m'mafayilo ochokera ku mapulogalamu ena. Fomula yophatikiza zonse ndi iyi:

```
=TRIM(CLEAN(SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(160)," ")))
```

TRIM ili kunja dala, kuti igwire ntchito pomaliza. Tiyerekeze kuti kumapeto kwa khodi kuli sipesi, kenako 10. TRIM ikayamba, iona kuti sipesiyo siili kumapeto chifukwa 10 waitchinga, ndiye iisiya. CLEAN ikabwera pambuyo n'kuchotsa 10, sipesi ija itsala poyera ndipo #N/A sichoka.

CLEAN nayo ili ndi khalidwe lake lofunika kusamala. Ikachotsa chilembo siisiyapo mpata. Pa makhodi zilibe vuto, koma pa mayina ndi ma adiresi zimaononga. Selo yolembedwa "Mbewu ya" pamwamba ndi "chimanga" pansi idzatuluka "Mbewu yachimanga". Pa zoterezi yambani mwasintha 10 kukhala sipesi ndi SUBSTITUTE(A2,CHAR(10)," "), CLEAN ibwere pambuyo.

Tinatsala ndi mizere iwiri, yonse ya khodi imodzi, ndipo imeneyi inatidyera nthawi kuposa ina yonse ija. LEN inkanenabe 8, koma chilembo chomaliza chinali chabwinobwino, choyamba chimodzimodzi. Chobisalacho chinali pakati. Zikatero pamafunika kuyala zilembo zonse chimodzichimodzi. Mu Excel 2021 kapena Microsoft 365 fomula imodzi imakwanira:

```
=UNICODE(MID(A2,SEQUENCE(LEN(A2)),1))
```

Imatsitsa manambala mu kolamu, nambala imodzi pa chilembo chilichonse. Mu Excel yakale mumalemba MID(A2,1,1), MID(A2,2,1) mpaka kumapeto. Tinaona 70 wa F, 84 wa T, 45 wa kamzere, kenako 8203. Imeneyi ndi sipesi yopanda m'lifupi n'komwe, moti ngakhale mutadina F2 n'kuyang'anitsitsa simuona mpata uliwonse. TRIM saiona, CLEAN saifikira. Inachoka ndi SUBSTITUTE(A2,UNICHAR(8203),""), ndipo ulendo uno tinaikamo "" yopanda kanthu chifukwa pamalopo sipankayenera kukhala mpata.

Apa ndi pamene CODE, imene ambiri anaizolowera, imanamiza. Pa zilembo za nambala zikuluzikulu ngati 8203 imayankha 63, yomwe ndi nambala ya chizindikiro cha funso. Mukaona 63 pamene m'selo mulibe funso, dziwani kuti CODE yalephera, funsani UNICODE. Njira yomweyi imagwiranso kachizindikiro ka m'mawu ngati ng'ombe. Kowongoka ka pa kiyibodi ndi 39, koma Word imakonda kukapinda n'kukhala 8217. Pa sikilini kusiyana kwake n'kochepa zedi, koma "Chakudya cha ng'ombe" cholembedwa mu Word sichingafanane ndi cholembedwa mu Excel.

Pali msampha wina kwa amene makhodi awo ndi manambala okhaokha. TRIM, CLEAN ndi SUBSTITUTE zonse zimabweza mawu, osati nambala. Mukatsuka 417 yokhala ndi 160 kumapeto, mupeza 417 yooneka yoyera, LEN inena 3, koma ngati mbali inayo ili ndi nambala yeniyeni, VLOOKUP ikanabe. Muzindikira poona kuti yakhala kumanzere kwa selo pamene manambala amakhala kumanja, kapena poyesa ISNUMBER. Mankhwala ake ndi kuikuta fomula yonse ndi VALUE. Koma musachite zimenezi pa nambala za foni kapena makhodi oyamba ndi 0, chifukwa ziro wakumayambiriro athawa. Zoterozo zisiyeni zikhale mawu mbali zonse ziwiri.

Tisanatseke fayilo, mayi uja anafunsa ngati sikukanakhala kosavuta kungoika IFERROR kuti ma #N/A asanduke 0, lipoti lioneke laukhondo. Ndinamuonetsa shiti yake ina, imene inkaphatikiza malonda ndi SUMIF potengera makhodi a ku Mitengo. Kumeneko kunalibe #N/A ngakhale imodzi. Koma tisanatsuke makhodi, pa FT-2305 SUMIF inali itangolemba 0 mwakachetechete, ngati kuti mwezi wonse katunduyo sanagulidwe, ndipo palibe amene anadabwa nazo. Chimodzimodzi kusintha FALSE kukhala TRUE: cholakwa chimasiya kuoneka, koma fomula ikhoza kukupatsani mtengo wa katundu wina woyandikana naye. Tinagwirizana kuti mitengo yatsopano ikabwera aziimata kaye pa shiti yapadera, aziitsuka ndi fomula ija, ndipo pambali pake aziika =LEN(A2)-LEN(D2), kuti mzere uliwonse umene suli 0 audziwe kuti unabwera ndi zobisika. Poti makhodi awo onse ndi a zilembo 7, tinaonjezeranso kolamu ya =LEN(D2)<>7 yogwira zimene fomula yotsukayo yaphonya.