Meseji si ndalama, onani balansi

"Koma achimwene, meseji inabwera." Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndimagulitsa mayunitsi komanso ndine ejenti wa Airtel Money ndi Mpamba kuno kuchigwa cha Shire, ndipo pafupifupi munthu aliyense woberedwa amene amafika pakauntala panga amayamba ndi mawu omwewa, foni ili m'manja, akundiloza meseji ngati kuti ine ndikaiwerenga ndalama zituluka. Meseji ndi malemba chabe, ndipo aliyense wodziwa kulemba akhoza kuilemba. Ndalama imakhala mu akaunti, ndipo njira yodziwira kuti yalowadi ndi imodzi: kuyimba nokha *211# ngati muli pa Airtel Money, kapena *444# ngati muli pa Mpamba, n'kuona balansi. Zina zonse zomwe ndifotokoze pano n'zongothandizira.

Nkhani yomwe imandiwawabe ndi ya amayi ena achikulire amene anagulitsa mbuzi ziwiri pamsika wa Ngabu. Ankafuna ndalama ya fizi ya mdzukulu wawo. Wogula anali mnyamata wooneka bwino, waulemu, wowatchula kuti amayi pa mawu alionse. Anagwirizana K150,000. Mnyamatayo anati sayenda ndi ndalama zambiri m'thumba chifukwa cha akuba, choncho alipira pafoni. Kenaka anati, "Amayi, tabweretsani foniyo ndione nambala yanu bwinobwino, ndingatumize kolakwika." Anaigwira kanthawi kochepa n'kuwabwezera. Posakhalitsa foni inalira, pamwamba pa meseji panali dzina la kampani ya mafoni, m'munsi muli mawu achingerezi oti alandira K150,000. Mbuzi zinamangidwa panjinga yamoto n'kumapita.

Kwa ine anafika mawa lake kudzatapa. Atalowetsa pini yawo, foni inakana kuti ndalama n'zosakwanira. Tinaona balansi: K2,300.

Zomwe anachita mnyamata uja n'zosavuta. Panthawi yomwe foni inali m'manja mwake, anasunga nambala yake m'foni ya amayiwo, koma m'malo molemba dzina lake analemba dzina la kampani. Ndiye meseji iliyonse yochokera kwa iye inkaoneka ngati yachokera kukampani. Mawu ake anangokopera ku meseji yeniyeni yakale n'kusintha ndalama ndi tsiku. Titatsegula mndandanda wa mayina m'fonimo, dzina la kampani linali pomwepo, pansi pake pali nambala wamba ya munthu. Kampani sikhala m'mndandanda wa mayina anu ngati mlamu wanu. Meseji yake yeniyeni imabwera ndi dzina lokha, popanda nambala ya 099 kapena 088 kumbuyo kwake, ndipo simungaiyimbire.

Panali zizindikiro zina ziwiri zomwe zikanawapulumutsa. Choyamba, meseji ija inakhala payokha. Mameseji onse enieni amene amayiwo analandirapo, ogulira mayunitsi ndi a ndalama zomwe mwana wawo amatumiza kuchokera ku Blantyre, anali pamzere wawo umodzi, ndipo iyi inatsegula mzere wina watsopano. Pafoni ya mabatani izi sizioneka bwino chifukwa mameseji amangondandalikana, koma mukhoza kutsegula mesejiyo n'kuona tsatanetsatane wa amene watumiza.

Chachiwiri ndi masamu, ndipo apa ndi pomwe wakuba amagwidwira kawirikawiri. Meseji yeniyeni yolandirira ndalama imanenanso balansi yanu yatsopano. Wakuba sadziwa kuti mu akaunti mwanu munali zingati, ndiye amangoyerekeza kapena amachotsa mzerewo. Meseji ya amayi aja inati balansi ndi K150,000 ndendende. Koma iwo anali kale ndi K2,300, choncho meseji yoona ikanati K152,300. Munthu amene amadziwa ndalama zomwe ali nazo m'foni amaliona bodza lotere nthawi yomweyo.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti meseji ikakhala ndi dzina la kampani, chingerezi chosalala ndi balansi yooneka bwino ndiye kuti ndi yoona. Ena amakuuzani kuti muziyang'ana zilembo zolakwika, ndipo n'zoona kuti akuba ena amalemba mosokonekera, koma ambiri masiku ano amangokopera meseji yeniyeni. Zizindikirozi zimathandiza kugwira bodza, sizitsimikizira choona. Chotsimikizira ndi balansi, yoona inu mwini, pafoni yanu, katundu asanachoke. Chithunzi cha meseji chimene wogula akukuonetsani pafoni yake, kapena chomwe wakutumizirani pa WhatsApp, musachiwerengere n'komwe. Akati netiweki ikuvuta, ndalama ifika madzulo, muuzeni kuti mbuzinso azitenga madzulo. Ndipo foni yanu musapatse wogula. Nambala mumuuze pakamwa, kapena mumulembere papepala.

Bodza lomweli limabweranso popanda malonda alionse. Mwakhala pakhonde, foni yalira: mwalandira K40,000. Musanamalize kudabwa, wina akuyimba, mawu ali njenjenje. Akuti walakwitsa nambala imodzi, ndalamayo inali ya m'bale wake amene wagonekedwa kuchipatala, chonde bwezani msanga, mukhoza kusungako K5,000 ya chithokozo. Ife anthu a kuno tikamva za matenda kapena maliro mtima umafewa, ndipo iwo amadziwa zimenezo. Mukatumiza K35,000, mwatumiza yanu, chifukwa palibe chimene chinalowa. Taonani nthawi yomwe mameseji amenewa amachuluka: kumapeto kwa mwezi anthu a kumunda wa nzimbe ku Nchalo atalandira, kapena nyengo yogulitsa thonje ndi chitowe, pamene akudziwa kuti m'mafoni ambiri muli kanthu.

Yankho lake n'lalifupi. Dulani foni, onani balansi. Ngati sinasinthe, nkhani yatha, musayankhenso. Ngati ndalama yalowadi, pakuti kulakwitsa nambala kumachitika ndithu, si yanu ndipo musaidye, koma musaibwezenso nokha, makamaka akakupatsani nambala ina yosiyana ndi imene yatumiza. Muuzeni mwiniwakeyo ayimbire kampani kuti ibweze kudzera m'njira yake. Munthu wolakwitsa moona amavomera. Wakuba amakwiya, amayamba kuopseza kuti akakusumirani kupolisi, kapena amati dikirani, akampani akuyimbirani pompano.

Ndipo "akampani" amayimbadi. Ndi mnzake, kapena iye yemweyo atasintha mawu. Amalankhula mwaulemu wa muofesi, amakutchulani dzina lanu lonse, ndipo anthu ambiri amagonjera pamenepa. Dzinalo lisakudabwitseni: munthu akayamba kutumiza ndalama ku nambala yanu, foni imatha kumuonetsa dzina lomwe nambalayo inalembetsedwa, iye n'kusiyira pomwepo osatumiza. Akatero amakuuzani kuti akaunti yanu itsekedwa ngati simutsatira zomwe akunena, n'kuyamba kukuyendetsani: dinani ichi, sankhani ichi, lembani manambala awa, tsopano lowetsani pini. Manambala "otsimikizira" amene akukuwerengeraniwo ndi nambala ya foni yawo ndi kuchuluka kwa ndalama zomwe mukutumiza. Mumadzibera ndi chala chanu.

Ndalama ikamalowa sipafunika pini. Sipafunikanso kuti mulipire kanthu kuti ndalama yanu "itsegulidwe". Pini mumalowetsa mukamatumiza, mukamatapa, mukamalipira kapena mukamaona balansi, ndipo zonsezi mumayamba ndinu. Pakatulukira uthenga pafoni wofuna pini inu musanayimbe chilichonse, ukaneni. Wogwira ntchito kukampani safunsa pini, ngakhale ine ejenti sindiyenera kuidziwa. Ndimakhumudwa ndi makasitomala amene amandipatsa foni n'kunena mokweza pamzere kuti pini yawo ndi chaka chomwe anabadwa. Kumbuyo kwanu kuli anthu, ndipo si onse amene abwera kudzatapa.

Kuno tilinso ndi vuto lathulathu. Madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, anthu ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje amakhala akudikira thandizo, ndipo ena amalandiradi pafoni. Ndiye meseji yoti dzina lanu latuluka pa thandizo kapena pa Mtukula Pakhomo, tumizani K10,000 yolembetsera, imagwera pa munthu amene akuyembekezera kale. Thandizo lotere sililipiritsa, ndipo kalembera wake amachitika poyera, kudzera m'makomiti a m'mudzi ndi kukhonsolo. Funsani amfumu kapena a komiti musanatumize ngakhale K500.

Tsopano za kuchedwa, zomwe zimandipsetsa mtima kuposa zonse. Wakuba akalandira ndalama saigoneka. Amaitapa kwa ejenti kapena amaisamutsira ku manambala ena nthawi yomweyo. Mwayi wokha woti ndalama ipezekenso ndi woti kampani imve nkhaniyo ndalama idakali mu akaunti ya wakubayo, ndipo nthawi imeneyo ndi mphindi, si masiku. Koma anthu amatani? Amayamba ayimbira wakubayo kumuchonderera. Kenaka amadikira kuti bambo a m'nyumba abwere kuchokera kudimba. Ena manyazi amawagwira, aphunzitsi ndi akuluakulu a mpingo makamaka, amakhala chete sabata yathunthu poopa kusekedwa. Akamafika kwa ine nambala ija inazimitsidwa kalekale. Mukangozindikira kuti mwaberedwa, yimbirani kampani pomwepo, nenani nambala yomwe yalandira, ndalama zake, nthawi yake ndi nambala ya tiranzakishoni yomwe ili mu meseji yotsimikizira kuti mwatumiza. Ngati pini munaiulula, isintheni musanachite china chilichonse.

Pali akuba achiwiri amene amadikira munthu woberedwa kale. Wina amati ali ndi m'bale wake kukampani amene angabweze ndalama mukamupatsa kangachepe. Wina amati amadziwa kutsata foni pakompyuta. Enanso amathamangira kwa asing'anga kuti wakubayo atupe mimba mpaka abweze. Ndaona munthu ataberedwa K60,000 n'kuwononganso mbuzi pofunafuna ndalama yomweyo. Kudandaula kukampani n'kwaulere, ndipo mukaona kuti simunathandizidwe mukhoza kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira ntchito zotumiza ndalama, kapena ku MACRA, yomwe imayang'anira makampani a mafoni.

Kupolisi pitani ndi foni yomweyo, ndipo musafufute kanthu. Ambiri amafufuta meseji yabodza chifukwa cha mkwiyo, pomwe ndi imene ili ndi nambala ya wakuba ndi nthawi yake. Amayi a mbuzi aja sanatumize ndalama kwa aliyense, choncho kukampani kunalibe choti n'kubweza. Chomwe tinali nacho ndi nambala yomwe mnyamatayo anasunga yekha m'foni mwawo. Ndinawalembera papepala pamodzi ndi tsiku ndi nthawi ya meseji, ndinawauza kuti dzina labodza lija asalichotse mpaka apolisi alione, ndipo mdzukulu wawo anawaperekeza kupolisi.