Khadi lachikasu: werengani masiku khumi, werengani ndi njira yomwe

Ndatopa ndi mawu akuti "khadi ndili nalo". Amene amatero ndi anthu oti tikiti agula kale, viza yatuluka, basi ya ku Lusaka inyamuka m'bandakucha, ndiyeno apatukira kuno ku chipatala kuti ife aumoyo tingovomereza. Kukhala ndi khadi la katemera wa yelo fiva m'chikwama sindiko kulowa m'dziko la eni. Wa pachipata cholowera m'dziko amayang'ana zinthu zitatu: tsiku limene munabayidwa, maiko amene mwadutsa, ndi mmene khadilo linalembedwera.

Tiyambe ndi masiku, pakuti ndipo ambiri a kuno ku Chipata amagwera. Malamulo a zaumoyo a maiko onse, a m'chaka cha 2005, amati khadi limayamba kugwira ntchito patapita masiku khumi chibayidwireni. Mukabayidwa pa 4 Juni, khadi lanu lidzayamba kuvomerezeka pa 14 Juni. Ngati ndege yanu itera pa 10 Juni, ndiye kuti mwafika ndi pepala wamba, ngakhale likhale ndi chidindo chowala bwanji. Masiku khumiwo sanaikidwe kuti akuvutitseni. Katemerayu ali ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa, ndipo thupi limafuna nthawi imeneyo kuti lipange chitetezo. Palibe nesi amene angalifulumizitse.

Mayi wina amene sachoka m'mutu mwanga anali pa ulendo wa ku Accra, ku msonkhano wa amayi a mpingo wawo. Dziko la Ghana limafuna khadi kwa mlendo aliyense wa miyezi 9 kupita m'mwamba, kaya achokera kuti. Anabwera patatsala masiku asanu ndi limodzi. Nditawawerengera masiku pa kalendala, anati, "Asisita, simungangolemba deti ya mwezi watha? Jakisoni ndibayidwa ndithu."

Ndinati, "Amayi, chimenecho sindingachite. Bayidwani lero, mukapemphe a ndege asunthe tikiti ndi masiku anayi. Mudzasowa kumayambiriro kwa msonkhano, koma mudzafika otetezeka."

Anati akaganiza kaye, ndipo sanabwerenso. Patapita miyezi ndinakumana nawo pamaliro, nandiuza mokondwa kuti ulendo unayenda bwino. Mnyamata wina ku Lusaka anawakonzera khadi tsiku limodzi, popanda nsingano. Pachipata anadutsa.

Kudutsako ndiko kumandisowetsa tulo. Akanawabweza, akanataya ndalama za tikiti, n'kubwera kudzabayidwa. Koma kuyambira pa 11 Julayi 2016, khadi la yelo fiva ndi la moyo wonse, silithanso pa zaka khumi monga kale. Choncho mayiyo ali ndi pepala limene lidzauza nesi aliyense, mpaka kukalamba kwawo, kuti safunikanso katemera. Mawa akapita ku Lubumbashi kapena ku Kampala, adzayenda ngati wotetezeka pomwe m'magazi mulibe kanthu. Yelo fiva imafalitsidwa ndi udzudzu, ndipo ilibe mankhwala ake ochizira. Ikafika poononga chiwindi, maso kuchita chikasu, magazi kutuluka m'kamwa, ambiri sapulumuka. Ndinawapempha kuti abwere tiyambe mwatsopano. Anaseka nati, "Nanga si ndinabwerako bwino?"

Tsono za njira. Anthu amafunsa kuti, "Kodi dziko lakutilakuti limafuna khadi?" Funsoli ndi lopereweza. Maiko ena, monga Ghana ndi Congo, amafuna khadi kwa aliyense. Ena ambiri, monga Malawi, South Africa ndi Zambia yathu yomwe, amalifuna kwa okhawo ochokera m'maiko mmene muli matendawa. Kuchoka ku Lusaka kulunjika ku Johannesburg, khadi silifunika. South Africa inachotsa Zambia pa mndandanda wake wa maiko ofunika khadi mu 2015. Koma wamalonda amene sabata ino anali ku Lubumbashi kudzera pa malire a Kasumbalesa, nkukwera ulendo wa ku Johannesburg, pasipoti yake ili ndi chidindo cha Congo, ndipo adzamufunsa khadi.

Kusintha ndege nakonso kumawerengedwa. Kenya ndi Ethiopia ali pa mndandanda wa maiko a yelo fiva, ndipo maulendo athu ambiri amadzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa. Maiko ambiri amati ukakhala pa bwalo la ndege la dziko lotere maola oposa 12, uli ngati wachokera komweko. Tikiti yanu ingaonetse maola 9 odikira, koma ndege ikachedwa, kapena akakugonekani mu hotela m'tauni, nkhani yasintha muli pakati pa ulendo. Ndiye chifukwa chake ndimati wodzera m'mizinda iwiriyi abayidwe ndithu ngati thupi lake lilola. Ndipo inu amene mumakonda kukwerera ku Lilongwe chifukwa ndi pafupi, kumbukirani pobwerera. Mukachoka ku Accra kutera ku Lilongwe, a Malawi ali ndi ufulu wokufunsani khadi, ndipo pa malire a Mwami angalifunenso.

Tulutsani khadi lanu tsopano, muliike pambali pa pasipoti. Dzina ndi tsiku lobadwa zifanane ndi za m'pasipoti, osati za pa chitupa china, ndipo amayi amene munasintha dzina pokwatiwa samalani apa. Pa mzera wa katemera pakhale deti, siginecha ya wobaya yolembedwa ndi dzanja, dzina la kampani yopanga katemera, nambala ya gulu la katemerayo, ndi chidindo cha malo ovomerezedwa ndi boma. Chidindo sichilowa m'malo mwa siginecha. Si chipatala chilichonse chili ndi chilolezo chopereka khadili, choncho funsani ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu musanapereke mkono. Inunso musaine pa malo anu. Mwana aliyense akhale ndi khadi lakelake, kholo n'kumusainira. Ndipo chonde, mukaona cholakwika musafufute, musapake choyera, musalembe pamwamba. Kufufuta kulikonse kungaphe khadi lonse. Bwererani kumene munabayidwa akakulembereni lina kuchokera m'kaundula wawo. Wogula khadi pamsewu alibe kaundula wobwererako.

Ngati khadi lanu ndi lakale, lolembedwa kuti litha pa zaka khumi, musabayidwenso chifukwa cha deti imeneyo. Likadali lovomerezeka, ndipo silifuna kukonzedwa.

Pali ena amene sitiwabaya: khanda losakwana miyezi 6, munthu amene thupi lake limadana kwambiri ndi mazira, ndi amene chitetezo chake chatsika kwambiri, monga wolandira mankhwala a khansa. Mayi woyembekezera, woyamwitsa, ndi wa zaka zoposa 60 timayamba takambirana kaye, kuyeza kuopsa kwa ulendo. Amene sangabayidwe amalemberedwa kalata ya dokotala yofotokoza chifukwa chake, koma dziko lolandira silikakamizidwa kumulowetsa momasuka chifukwa cha kalatayo. Likhoza kumuika payekha mpaka masiku asanu ndi limodzi, omwe ndi masiku amene matendawa amabisala m'thupi. Inu operekeza odwala ku India, dziko lokhwima pa nkhaniyi, funsani ku ofesi ya kazembe ndi kwa a ndege musanalipire tikiti, muwatchulire mzinda uliwonse umene mudzasinthire ndege ndi maola ake. Ngati kulipo kotheka, sankhani njira yosadzera m'dziko la yelo fiva. Malamulowa amasintha, choncho zimene anakuuzani alamu anu amene anayenda chaka chatha muzitsimikizenso, ndipo kuno mubwere patatsala mwezi wathunthu, pakuti si tsiku lililonse limene katemerayu amapezeka mu filiji.