Masilaidi akuti 13 peresenti, nanga pansi pa mtengo wa mango munena chiyani?

Tcheyamani wa kopaletivu ina ya ku Chipata adandibweretsera foni yake, m'menemo muli masilaidi a maphunziro a kasungidwe ka chimanga. Ankafuna kuti ndimuthandize kukonza mawu okayankhula pa msonkhano wa mamembala. Kumene amakumana kulibe magetsi, ndipo ngakhale akadakhalapo, mizere yokwera ndi kutsika ija sikadawauza kanthu amayi amene abwera ndi lichero m'manja. Pa ntchito yanga ya ulangizi ndaona atsogoleri ambiri akungowerenga silaidi ndi silaidi mpaka anthu kuyamba kusinza.

Ndidamuuza kuti asankhe silaidi imodzi yokha, ija yolembedwa kuti chinyontho chisapose 13 peresenti. Zina zonse, matumba atsopano, mankhwala, nkhokwe zachitsulo, zimatsamira pa imeneyo. Chimanga chikalowa m'thumba chisanaume, palibe thumba kapena mankhwala amene angachipulumutse. Koma peresenti siigwirika ndi dzanja, choncho tidagwirizana kuti apite ndi mabotolo awiri, mchere ndi mbale ziwiri za chimanga, china chouma bwino, china chongotonoledwa kumene. Mawu ake adayamba chonchi:

“Amayi ndi abambo, takulandirani nonse. Lero sindikuuzani zambiri. Ndani pano amene adatsegula thumba mwezi wa Novembala ndi kupeza ufa pansi, asanapite n'kuchigayo komwe? Kwezani manja, musachite manyazi, ine ndakweza langa. Tsopano onani botolo ili. Ndi lagalasi, louma, lokhala ndi chotsekera. Ndathiramo chimanga kufika gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndikuonjezera mchere masupuni akulu awiri kapena atatu. Mayi mlembi, bwerani mukhutchumule kwa mphindi imodzi. Tilisiya kwa mphindi 15, tikatha nkhani ya zopereka tibwererako. Mchere ukamatirira m'mbali mwa galasi, chimanga chibwerere padzuwa.”

Mcherewo umakoka madzi ochokera m'chimanga, n'chifukwa chake umamata. Pali misampha iwiri imene silaidi sinatchule. Woyamba, mchere wa m'khitchini kawirikawiri umakhala wonyowa kale, ndiye umamata ngakhale chimanga chili bwino. Uyanikidwe padzuwa masiku awiri, kapena ukazingidwe m'chiwaya n'kuzizira. Wachiwiri, botolo limangokuuzani ngati chinyontho chapyola pafupifupi 15 peresenti. Mchere ukapanda kumata sindiye kuti mwafika pa 12.5 peresenti imene a FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, amafuna pogula. Ine ndimalangiza kuti botolo likavomera, muyanikebe tsiku limodzi kapena awiri pa tenti, chimanga chitayalidwa mopyapyala, mukuchitembenuza. Kuluma njere ndi mano kumathandiza, youma imasweka kuti phwa, koma mano a munthu aliyense amaweruza mosiyana. Kopaletivu imene ili ndi kandalama ingachite bwino kugula makina amodzi oyezera chinyontho, mamembala n'kumabwerekana.

Ndidamuchenjeza tcheyamani kuti padzakhala bambo wina amene adzaimirira n'kunena kuti kuumitsa kwambiri kumapepula thumba. Bamboyo akunena zoona, ndipo asamutsutse. Amuwerengere poyera. Thumba la makilogalamu 50 lokhala ndi chinyontho cha 16 peresenti lili ndi madzi okwana makilogalamu 8, chimanga chenicheni ndi 42. Mukaliumitsa kufika pa 12.5 peresenti, lilemera makilogalamu 48. Ndiye pa matumba 100 mwataya matumba 4 pa sikelo. Koma amene achokawo ndi madzi okhaokha, nsima yake ndi yomweyo. Mukawasunga madziwo m'thumba, chimanga chimatentha, chimachita chuku, njere zimagwirana ndi kununkha. Mtundu wina wa chuku umatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amaononga chiwindi ndipo satha ngakhale muphike motani. Chimanga chotero sichoyeneranso kupatsa nkhuku kapena nkhumba, ngakhale ambiri timatero.

Apa mpamene thumba losalowa mpweya limalowa m'nkhani, lija ambiri amalidziwa ndi dzina la PICS, limene lidakonzedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku Amerika, poyamba posungira khobwe. Lili ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Mulibe mankhwala m'menemo. Anankafumbwe amene alowa ndi chimanga amapuma mpweya wotsala m'thumba mpaka kuumaliza, kenako amaleka kudya ndi kuswana, n'kufa. Silaidi idalemba mzere umodzi wokha pa zimenezi, koma tcheyamani adazichita anthu akuona:

“Musanathire, uzirani mpweya m'pulasitiki iliyonse, mufinye pakamwa, mumve ngati ikutuluka. Kabowo ka singano n'kokwanira kudyetsa nankafumbwe chaka chonse. Petani chimanga, zidutswa za zitsononkho ndi timiyala ndi zimene zimaboola. Musadzaze mpaka pakamwa. Finyani mpweya utuluke, potokolani pulasitiki yam'kati, ipindeni, mumange. Yachiwiri payokha, saka payokha. Kumanga katatu, osati kamodzi. Mukamanga, mwezi woyamba musatsegule ngakhale alendo abwere.”

Chifukwa cha mwezi umenewo n'chakuti nankafumbwe amaikira dzira m'kati mwa njere n'kutseka pabowo. Chimanga chooneka choyera chimakhala kale ndi mphutsi kuchokera kumunda, ndipo nyengo yotentha pamatenga mwezi umodzi kapena kupyola pang'ono kuti dzira lisanduke kachilombo kouluka. Mukamatsegula sabata iliyonse kutapako za kuchigayo, mukuwapatsa mpweya watsopano. Chodya cha mwezi uno chikhale m'saka wamba pambali.

Thumbali lili ndi malire ake, ndipo wokamba nkhani amene awabisa adzamva manyazi chaka chamawa. Silimaumitsa. Chimanga chonyowa chikatsekeredwamo chimasasa, mukatsegula fungo lake ngati la mowa, m'kati mwa pulasitiki muli thukuta. Khoswe amaliboola, choncho matumba akhale pa thandala, atalikirane ndi khoma, pansi posesedwa. Komanso pali nankafumbwe wamkulu uja woboola ngakhale mitengo ya nkhokwe, amene adalowa mu Zambia cha m'ma 1990 kudzera ku malire a Tanzania. Ameneyu nthawi zina amaboola pulasitiki. Chizindikiro chake ndi timabowo tozungulira bwino ndi ufa wambiri pansi pa thumba. Amakonda chimanga chosatonola, n'chifukwa chake masiku ano timati tonolani, ngakhale makolo athu ankasunga ndi makoko omwe m'nkhokwe. Chimanga chawo cha makolo chinali cholimba njere ndi chotsekeka bwino kunsonga, pomwe mbewu zambiri za haibulidi zimafumbwa msanga.

Za mankhwala ofumbira tidangosiya mawu awiri: tsatirani muyeso wolembedwa pa botolo, ndipo mapiritsi aja otulutsa mpweya wakupha asalowe m'nyumba yogona anthu. Masilaidi a nkhokwe zachitsulo ndi mitengo ya pamsika tidawasungira msonkhano wina.

Itatha nkhani ya zopereka, mayi mlembi adakweza mabotolo awiri aja. Lina linali loyera, lina mchere utamata ngati chifunga. Chimanga cha m'botolo lachiwirilo chinali cha tcheyamani mwini, chimene banja lake linkati lithire m'matumba madzulo omwewo.