Funso la fomula limayankhika tikadziwa zimene zili m'makolamu

Sabata yatha msungichuma wa gulu lina la banki m'khonde ku Chinamwali ananditumizira uthenga wokhudza tebulo lake la pa kompyuta, la m'pulogalamu yonga Excel, wakuti: "Bambo, ndithandizeni fomula yowerengera ndalama za mamembala, yangayi ikukana." Ndagwira ntchito yowerengera ndalama kuno ku Zomba kwa zaka zambiri, koma funso limeneli sindikanatha kuliyankha, popeza mawu akuti "kuwerengera" angatanthauze kuphatikiza ndalama za gulu lonse, kuphatikiza za munthu mmodzi, kapena kupeza zimene munthu anapereka tsiku lakutilakuti, ndipo chilichonse mwa izi chili ndi fomula yakeyake.

Nditawafunsa mayiwo, anafotokoza kuti kolamu A ili ndi masiku, B ili ndi mayina, C ili ndi ndalama, kuyambira mzere 2 mpaka 200. Anaonjezera kuti a Nabanda anapereka K5,000 katatu, choncho pambali pa dzina lawo, limene lili m'kabokosi ka E2, payenera kutuluka 15000. Chitsanzo chotere, chowerengedwa pamanja, ndicho chimathandiza kwambiri, chifukwa ndicho timayesera ngati fomula yalondola. Ndinawapatsa iyi:

```
=SUMIF($B$2:$B$200,E2,$C$2:$C$200)
```

Zizindikiro za $ zimachititsa kuti malire a B ndi C asasunthe fomula ikakokeredwa m'munsi ku mayina ena.

Komabe yankho linatuluka 0, ndipo apa m'pamene zinaoneka kuti kutchula mitu ya makolamu kokha sikukwanira. Mayiwo ankalemba chilembo K pamodzi ndi nambala, monga mmene tonsefe timalembera m'kope, koma pulogalamu imatenga "K5,000" ngati mawu, ndipo SUMIF imadumpha mawu mwakachetechete, osachenjeza. Munthu angazindikire vutoli ndi maso, popeza nambala zimatsamira kumanja kwa kabokosi pamene mawu amatsamira kumanzere, ngati palibe amene anasintha kaimidwe kake. Njira yodalirika ndiyo kuyerekeza mafomula awiri awa:

```
=COUNT(C2:C200)
=COUNTA(C2:C200)
```

Yoyamba imawerenga timabokosi ta nambala tokha, yachiwiri imawerenga tonse tosakhala topanda kanthu. Kwa iwo yoyamba inapereka 0, yachiwiri 199. Titachotsa K m'kolamu yonse pogwiritsa ntchito Find and Replace, 15000 inatuluka.

Za pulogalamu tinachita mwayi, chifukwa SUMIF imapezeka mu Excel, Google Sheets ndi LibreOffice Calc momwe. Akanafuna kufufuza nambala ya foni ya membala, ine ndikanathamangira XLOOKUP, imene mu Excel 2016 ndi 2019 mulibe, ndipo kompyuta yawo yakaleyo ikanangoonetsa #NAME?, iwo n'kumaganiza kuti alakwitsa polemba. Ngakhale SUMIF yomweyo imakanidwa pa kompyuta imene inakonzedwa motsatira dziko lolekanitsa zigawo za fomula ndi chizindikiro cha ; m'malo mwa koma, zimene zimachitika ndi malaputopu ena ogulidwa pa kaunjika kuchokera kunja, n'chifukwa chake ndinawapemphanso kuti anditumizire fomula yawo yokanayo monga momwe inalembedwera.