Mgwirizano wa fowadi si juga, ndipo suthawika

Ndatopa kumva amalonda oitanitsa katundu kunja akudandaula kuti banki yawabera chifukwa dola yatsika atasaina kale mgwirizano wa fowadi. Mgwirizanowu ndi pangano lakuti pa tsiku lakutilakuti mudzagula ndalama zakunja zochuluka mwakuti pa mtengo umene mwagwirizana lero, kaya msika udzakwere kaya udzatsike. Chimene mukugula ndi kudziwiratu mtengo wa katundu wanu, osati phindu.

Tiyerekeze kuti muyenera kulipira madola 50,000 pakatha miyezi itatu, ndipo lero dola imodzi ikugulidwa ndi 100 ya ndalama ya dziko lanu. Ngati chiwongoladzanja cha ndalama yanu chili 20 peresenti pachaka pamene cha dola chili 4 peresenti, banki idzakuuzani mtengo wa pafupifupi 104. Anthu ambiri amaganiza kuti 104 ameneyu ndi ulosi wa banki, koma ayi, amachokera pa kusiyana kwa ziwongoladzanja ziwirizo pa miyezi itatuyo. Mukavomera, ngongole yanu yakhazikika pa 5,200,000, ndipo mungathe kuika mitengo yogulitsira katunduyo asanafike n'komwe. Dola ikadzafika pa 120, mnzanu amene sanadziteteze adzalipira 6,000,000. Ikadzatsika kufika pa 98, inu mudzalipirabe 104, ndipo pamenepo palibe amene wakuberani.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya bambo wina amene ndinkamulangiza, yemwe manambala ake anali ofanana ndi amenewa. Wogulitsa wake kunja analephera kutumiza katundu, oda yonse n'kuthetsedwa kutatsala mwezi wathunthu. Bamboyo anangokhala chete, poganiza kuti popeza katundu kulibe, pangano nalonso lafa lokha. Tsiku litakwana banki inatseka mgwirizanowo pa mtengo wa msika, umene unali utatsika kufika pa 98, ndipo iye analipira kusiyana kwa 6 pa dola iliyonse, kutanthauza 300,000, popanda katoni ngakhale imodzi m'nyumba yosungira katundu. Akanapita kubanki tsiku limene anamva za kuthetsedwako, dola isanatsike chotero, akanatseka mgwirizanowo motayapo pang'ono chabe. Kukanakhala kuchedwa kwa katundu kokha, tsiku lolipira likanatha kusunthidwa, ngakhale kuti mtengo umawerengedwanso.

Choncho musasaine musanagwire invoisi yotsimikizika, ndipo funsani msanga za chikole chimene banki idzafune. Komanso musadikire mpaka mphekesera zakuti ndalama igwa mphamvu zitamveka paliponse, chifukwa nthawi imeneyo mtengo umakhala utakwera kale, ndipo mabanki ena amayamba kukana. Ndi nthawi yomweyonso imene amatulukira akamberembere olonjeza mtengo wotsika kuposa wa banki, bola muwapatse kaye ndalama ina. Munthu wopanda chilolezo chogulitsa ndalama zakunja akadzazimitsa foni dola ili pa 120, pepala limene munasainirana naye silidzakugulirani ngakhale dola imodzi.