Kulemba katundu wa malemu musanagawane: mafunso ndi mayankho

"Bambo athu angoikidwa kumene. Kuyamba kulemba katundu pano sikuoneka ngati tikuthamangira chuma?"

Ena adzanena zimenezo ndithu, koma lembani. Katundu wambiri amasowa m'masiku a maliro omwewa, pamene makiyi akuyenda m'manja mwa aliyense ndipo namfedwa sakutha kuyang'anira kanthu. Kulemba si kugawa. Kugawa kutha kudikira mpaka anthu atameta ndi kupepukidwa mitima, koma mndandanda uyenera kukhalapo wina asananyamule wailesi ponena kuti akukaisunga.

Musalembe nokha. Pakhale mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana akuluakulu, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi munthu mmodzi wopanda gawo pa chumacho, kaya nthumwi ya amfumu kapena mkulu wa mpingo. Gwiritsani kope la masamba osathothoka, lembani tsiku, ndipo onse asayine kapena kudinda chala patsamba lililonse. Mbali iliyonse ijambule masambawo pafoni.

"Tilembe zotani pa chinthu chilichonse?"

Dzina la chinthu, chizindikiro chake, pamene chili, mmene chilili, ndi mtengo wake. Apa ndi pamene mabanja ambiri amachita ulesi. Kulemba kuti "njinga yamoto imodzi" sikuteteza aliyense, chifukwa pakatha miyezi isanu mutha kuipeza ilipo koma batire ndi matayala zitasinthidwa. Lembani nambala yake, nambala ya injini, dzina limene lili pa bulubuku, ndiponso kuti ikulira bwino koma tayala lakumbuyo latha. Ng'ombe ilembedwe mtundu wa ubweya, msinkhu, ngati ndi yaikazi ya bere, ndi khola limene ikugona, makamaka ngati malemu anaikiza ziweto kwa wina. Chimanga cha m'nkhokwe chiwerengedwe matumba, osati "chambiri".

Musaiwale zosaoneka ndi maso: ndalama za kubanki, za pa Mpamba kapena Airtel Money, masheya a kubanki mkhonde, ndi anthu amene malemu anawakongoza. Ngongole za malemu nazo zikhale ndi tsamba lake, pakuti zimabwezedwa kaye anthu asanagawane.

"Mipando, mapoto ndi bedi nazo zigawidwe? Azakhali akuti zonse zinali za mchimwene wawo."

Zilembedwe, koma patsamba lapadera. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, mkazi kapena mwamuna wotsalayo amasunga katundu wa m'nyumba mwake, ndiye kuti zinthu zogwiritsa ntchito pa moyo wa tsiku ndi tsiku wa banjalo. Zimenezi siziikidwa pa mulu wogawana. Chimodzimodzi katundu amene wotsalayo anagula yekha, kapena gawo lake pa zimene anagula limodzi ndi malemu, si chuma chamasiye ayi. Ngati mayi anali ndi makina awoawo osokera, lembani kuti ndi awo, ndipo lisiti likapezeka limatidwe pomwepo.

Azakhali muwalankhule mwaulemu, koma adziwe kuti oyamba kulandira ndi mkazi kapena mwamuna, ana, ndi amene ankadalira malemu pa moyo wawo. Kukhala mlongo wa malemu pakokha sikupereka gawo pamene pali mkazi ndi ana. Kutenga chumacho popanda ufulu ndi mlandu wolanda chuma chamasiye, ndipo chilango chake chitha kufika zaka 10 kundende ndi chindapusa.

"Mtengo tiudziwa bwanji? Aliyense akutchula wake."

Funso loyenera ndi lakuti chinthuchi titachigulitsa lero, mmene chililimu, munthu angapereke zingati. Mtengo umene malemu anagulira sukuthandizani: firiji inatsika chifukwa yakalamba, pamene ng'ombe ndi malata mwina zinakwera chifukwa kwacha inagwa mphamvu. Funsani anthu awiri kapena atatu amene amagula zinthu zotere, makaniko pa njinga, ogula ziweto pamsika, ndipo mutenge mtengo wapakati. Lembani amene anatchula mtengowo. Amene akufuna kudzatenga chinthucho asakhale woika mtengo, pakuti mwachibadwa adzautsitsa. Nyumba ya m'tauni kapena malo a lizi zimafuna katswiri wovomerezeka woyesa mitengo ya nyumba. Pamenepa kungoyerekeza kumapweteketsa ana.

"Tasonyezani mmene mawerengedwe ake amayendera."

Tiyerekeze bambo amene wasiya mkazi ndi ana atatu a zaka 25, 17 ndi 9, makolo ake anamwalira kale, ndipo wilo palibe. Mitengoyi ndi yongopereka chitsanzo. Katundu wa m'nyumba wapatulidwa kale, watsala ndi mayi. M'kope mwatsala njinga yamoto ya K1,800,000, ng'ombe yaikazi ya K700,000, ng'ombe yaing'ono ya K500,000, mbuzi zisanu za K70,000 iliyonse (K350,000), makina opalira matabwa a K250,000, ndi K600,000 kubanki. Zonse pamodzi ndi K4,200,000. Malemu anali ndi ngongole ya K200,000 kubanki mkhonde. Ikabwezedwa kuchokera ku ndalama za kubanki, zotsala ndi K4,000,000.

Anthu anayi atati agawane mofanana, aliyense apeza K1,000,000. Tsopano mwana wamkulu akuti akufuna njinga kuti azichita kabaza. Popanda mndandanda, aliyense akanati "iye watenga chimodzi, enanu tengani ziwiriziwiri", nkuoneka ngati wadzimana. Koma kope likuonetsa kuti njingayo yapyola gawo lake ndi K800,000, ndipo atatu enawo atsala ndi K2,200,000 yokha m'malo mwa K3,000,000. Ndiye asankhe: abweze K800,000, mwina pang'onopang'ono mwa mgwirizano wolembedwa, kapena njinga igulitsidwe.

Komanso kufanana kumeneku ndi poyambira chabe. Lamulo limati choyamba amene ankadalira malemu atetezedwe kuti asavutike, ndipo pakati pa ana, wamng'ono ayenera kupeza gawo lalikulupo kuposa wamkulu pokhapokha pali chifukwa china. Wa zaka 9 ali ndi sukulu yaitali patsogolo. Wa zaka 25 anadya kale fizi ya bambo ake. Ineyo ndingakonde ng'ombe yaikazi ilembedwe m'dzina la wamng'onoyo, chifukwa imaswa pamene iye akukula, koma womusungira adziwike ndipo ana a ng'ombeyo azilembedwa m'kope lomwelo.

"Tikamaliza kulemba, tingogawana tokha?"

Ayi, makamaka ngati pali ndalama kubanki, galimoto kapena nyumba. Banki sidzatulutsa ndalama, ndipo dzina pa bulubuku silisintha, popanda chikalata chopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma chamasiye. Tengani kope lanu ndi chikalata chotsimikiza imfa, mukayambire ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma lanu. Mtengo wonse umene mwapeza ndi umene umasonyeza kumene nkhani ipite: monga lamulo linalembedwera mu 2011, chuma chosapitirira K1,000,000 chimatengedwa ngati chaching'ono ndipo khoti la majisitireti litha kuchiweruza, pamene cha banja la m'chitsanzo chathu chikupita ku khoti lalikulu. Musachepetse mitengo dala pofuna njira yaifupi, chifukwa woyendetsa chumayo adzafunsidwa kufotokoza kumene chilichonse chinapita.

"Nanga chinthu chikatulukira pambuyo pake, kapena chikaonongeka tisanagawane?"

Musafufute kanthu. Onjezerani mzere watsopano, tsiku lake, ndi masaini a mboni zomwe zija. Mbuzi ikafa, aitanidwe mmodzi wa mbali inayo adzaone chikopa. Zoola msanga monga fodya kapena chimanga chimene chayamba kufumbwa zigulitsidwe onse atavomereza, ndalama yake ilembedwe ndi kusungidwa mpaka tsiku logawana.