Nthawi ikatha musanagamule, pemphani kuti mudzakhalenso pansi

Pa ntchito yanga yophunzitsa makomiti kayendetsedwe ka misonkhano, ndinakhalapo pa msonkhano wa komiti ya sukulu ina ya pulayimale. Nkhani yaikulu inali kusankha mmisiri womanga zimbudzi mvula isanayambe. Msonkhano wa 1 koloko unayamba 2 koloko, ndipo ola lonse linathera pa maminitsi ndi madandaulo a malata odontha. Pofika 4:30 amayi awiri anali atayamba kale kumanga zitenje, bambo wina wochokera kutali akuyang'ana njinga yake. Makoteshoni atatu anali akadali mu envulopu patebulo.

Nthawi yopempha msonkhano wachiwiri ndi imeneyo, anthu asanadzuke. Komitiyo inali ya anthu 9, kunabwera 7, ndipo malamulo awo amafuna anthu 5 kuti chigamulo chikhale chovomerezeka. Atatu aja akanachoka, otsalawo sakanatha kugamula za mmisiri.

Mlembi anachita bwino. Anakweza dzanja n'kunena kuti: “Apampando, yatsala ndi nkhani ya mmisiri, ndipo singatheke m'mphindi khumi. Ndikupempha kuti tiimitse msonkhanowu, tidzapitirize Lachinayi 9 koloko m'mawa, pa nkhani imeneyi yokha.” Wina anavomereza pempholo, onse anagwirizana nazo, ndipo zinalembedwa.

Taonani kuti anati tiimitse, sanati titseke. Mawu awiriwa amasiyana kwambiri. Msonkhano woimitsidwa umapitirira pomwe unalekezera, choncho zomwe munagwirizana kale sizikambidwanso. Mukatseka n'kuitanitsa watsopano, mumayambanso ndi kuwerenga maminitsi, ndipo amene sanakhutire tsiku loyamba amapeza danga loutsanso nkhani zakale.

Chimene ndimakana kwamtuwagalu ndi mawu akuti “tidzauzana pafoni”. Tsiku losatchulidwa silifika. Chimatsatira n'chakuti apampando ndi msungichuma amasankha okha mmisiri ponena kuti mvula yayandikira, kenaka pakasowa thumba limodzi la simenti, komiti yonse imawaloza chala. Choipa chinanso ndi kuvota mothamanga anthu ataimirira. Chizindikiro chake mudzachiona m'maminitsi: muli dzina la wopambana koma mulibe chifukwa chimene anamusankhira.

Masiku a pakatiwo asapite pachabe. Mlembi uja anauza awiri amene sanabwere tsiku lomwelo madzulo, ndipo m'maminitsi analembamo kuti pasapezeke wolonjeza ntchito kwa mmisiri aliyense Lachinayi lisanafike. Envulopu anaimata, anthu awiri n'kusainira pomatapo, ndipo inasungidwa mu ofesi ya ahedi. Mamembala awiri anatumidwa kukaona zimbudzi zimene amisiri atatuwo anamangapo kwina.

Lachinayi anatsegula envulopu ija onse akuona. Mmisiri wotchipa kwambiri anamusiya chifukwa otumidwa aja anapeza silabu yake ina itang'aluka, ndipo anasankha wa mtengo wapakati. Zonsezi zinatenga mphindi 40.